Kalembedwe ka imelo ya ndime zitatu yofotokoza nkhani ya kasitomala

Wogulitsa aliyense amati katundu wake ndi wabwino, ndipo wogula anatopa nazo kale zimenezo. Chimene chimamutcheretsa khutu ndi kumva kuti mnzake wa bizinesi yofanana ndi yake anali pa vuto limene iye ali nalo lero, ndipo anatulukapo motere. Zili ngati pabwalo la milandu: mwini mlandu akamadziyeretsa yekha anthu amangomuyang'ana, koma mboni ikaimirira amfumu amakhala tsonga. Imelo imene tikukambayi ntchito yake ndi kuimiritsa mboni imodzi, m'mawu osaposa 200, m'ndime zitatu: mmene zinalili, chimene chinachitika, ndi mmene zilili tsopano.

Kuti tisalankhule za m'mlengalenga, titsata chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Tiyerekeze kuti muli ndi kampani yaing'ono yoika magetsi a sola. Munaika mapanelo ndi mabatire pa loji ina ya zipinda 14 ku Mangochi, ndipo tsopano mukufuna kulembera amanijala a maloji ena a m'mbali mwa nyanja. Lojiyi ndi manambala ake ndi zongoyerekeza. Inu mudzaikapo zenizeni za kasitomala wanu.

Yambani ndi wolandira, kasitomala abwere pambuyo

Ambiri amayamba ndi kasitomala amene amanyadira naye kwambiri, nthawi zambiri wamkulu kuposa onse. Ngati munaikapo sola pa fakitale ina ku Kanengo, dzanja limayabwa kuti mulembe za imeneyo. Koma manijala wa loji ya zipinda 12 ku Senga Bay akawerenga za fakitale amangoti, "Awa ndi a anthu a ndalama," n'kutseka. Choncho lembani kaye papepala amene adzalandire imeloyo: ali pa udindo wanji, bizinesi yake ndi yaikulu bwanji, ndipo n'chiyani chimene chimamusowetsa tulo. Mukatero sankhani kasitomala amene akufanana naye pa zinthu zitatuzo. Kwa manijala wa ku Senga Bay, loji ya ku Mangochi ndiyo mboni yoyenera, chifukwa kutentha kwa Okutobala ndi kumodzimodzi, alendo amadandaula zofanana, ndipo onse awiri ali ndi jenereta kuseri kwa khitchini.

Kasitomala wake akhale woti wagwiritsa ntchito katundu wanu nthawi yokwanira kuti zotsatira zioneke. Amene munamuikira sabata yatha ali ndi chisangalalo chokha, nkhani alibe.

Pemphani chilolezo, kenako funsani

Imbani foni kapena pitani komweko. Musatumize fomu yoti adzaze, chifukwa pa fomu munthu amalemba kuti "ntchito yanu ndi yabwino, pitirizani," ndipo mawu amenewo simungamange nawo kanthu. Nenani poyera chimene mukufuna: "Bwana, ndikufuna kuuzako amanijala ena mmene zinayendera kuno. Ndikalemba ndikuonetsani kaye, ndipo chimene simukufuna chichotsedwa." Funsaninso padera ngati akulola kuti dzina la loji lituluke, ngati akulola kuti manambala atuluke, komanso ngati akulola kuti mawu awo atchulidwe kuti ndi awo. Zimenezi ndi zilolezo zitatu zosiyana. Munthu akhoza kuvomera manambala n'kukana dzina, mwina chifukwa sakufuna kuti opikisana naye adziwe ndalama zimene amawononga, mwinanso mwini malo amakhala kunja ndipo manijala sangalole payekha. Akakana dzina, musakhumudwe. "Loji ina ya zipinda 14 ku Mangochi" ndi yokwanira. Samalani kokha kuti kufotokoza kwanu kusamuulule. Ngati m'deralo muli loji imodzi yokha ya zipinda 14, nenani boma lokha kapena "m'mbali mwa nyanja".

Mafunso ake asachuluke, koma atsate nthawi. Yambani ndi lakuti, "Tisanabwere ife, magetsi akathima usiku mumatani?" Funso lotere limatulutsa zochitika zenizeni, pomwe lakuti "vuto lanu linali chiyani" limangotulutsa mawu amodzi akuti magetsi. Kenako funsani tsiku limene anatsimikiza kuti basi zakwana. Pafupifupi nthawi zonse pamakhala tsiku limodzi: gulu la alendo linachoka lisanamalize masiku ake, kapena nsomba za mufiriji zinatayidwa zonse m'mawa wina. Funsaninso chimene chinkawakayikitsa asanalipire, chifukwa chikayiko chawocho n'chimene wowerenga wanu ali nacho panopa. Pomaliza funsani zimene zasintha, ndipo akayankha mupemphe kuona pamene zinalembedwa: malisiti a kufilingi, buku la mlonda lolembamo nthawi yoyatsa ndi kuzimitsa jenereta, kapena kawotchi kowerenga maola kamene kamakhala pa majenereta ambiri.

Lembani mawu awo mmene akuwalankhulira. Ngati alola, jambulani mawu pafoni. Ndipo akamaliza kuyankha musathamangire funso lina. Khalani chete pang'ono, chifukwa mawu abwino amabwera munthu akamawonjezera yekha kuti, "Ndiponso mukudziwa..."

Pezani nambala imodzi, muiyese ngati ingapirire

Apa ndi pamene pagona ntchito yambiri, ndipo m'pamenenso maimelo ambiri otere amagwera. Mukabwerako ku Mangochi mudzakhala ndi zinthu zambiri: dizilo wachepa, madandaulo achepa, nsomba sizikuwonongeka, mlonda sakudzukanso pakati pa usiku. Sankhani chimodzi choti chikhale msana wa imelo. Zinazo zikhoza kulowa ngati chiganizo chimodzi kapena kutsala. Chosankhidwacho chikhale chowerengeka, chokhala ndi umboni wolembedwa, ndiponso choti wowerenga akudziwa nambala yake pa bizinesi yake. Manijala aliyense wa loji amadziwa malita a dizilo amene amagula pa mwezi. Akaona 400 amadziyerekeza nthawi yomweyo: ife timathira 350, ndiye kuti nkhaniyi ndi yathu.

Tinene kuti malisiti akuonetsa kuti lojiyo inkathira malita pafupifupi 400 pa mwezi, ndipo tsopano ikuthira pafupifupi 110. Lembani manambala onse awiri. Mukangolemba kuti dizilo anatsika ndi 72.5 peresenti, wowerenga sadziwa ngati munayambira pa malita 40 kapena 4,000, ndipo peresenti yopanda poyambira imanunkha malonda.

Lembani malita, osati makwacha. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo mu Meyi 2022 inali itatsitsidwa kale ndi 25 peresenti. Nkhani imene inalembedwa m'makwacha izi zisanachitike inasanduka yaing'ono pamaso pa owerenga miyezi yochepa chabe. Choipa kwambiri n'chakuti mukayerekeza ndalama za chaka china ndi za chaka chotsatira, kukwera kwa mtengo wa mafuta kumabisa phindu lenileni: loji ikhoza kuchepetsa dizilo ndi theka koma ndalama zolipira n'kukhala pafupifupi zomwezo. Malita, maola, matumba ndi masiku sizisintha ndi mtengo wa ndalama. Wowerenga adzachulukitsa yekha ndi mtengo wa tsikulo, ndipo nambala imene munthu wadziwerengera yekha amaikhulupirira kuposa imene mwamuuza.

Kenako dzifunseni funso losasangalatsa: kodi china n'chiyani chimene chinasintha nthawi yomweyo? Pa loji, choyamba ndi nyengo. Disembala kunyanja kumadzaza anthu, Febuluwale kumakhala zii. Mukayerekeza dizilo wa Disembala musanaike sola ndi wa Febuluwale mutaika, nambala idzaoneka yokongola koma manijala aliyense adzaigwira bodza asanamalize chiganizo. Yerekezani miyezi yofanana ya zaka ziwiri, ndipo funsani ngati alendo anali ochuluka mofanana. Chachiwiri ndi kathimidwe ka magetsi. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo magetsi ankathima maola ambiri mpaka malowo atakonzedwa mu 2023. Munthu amene anaika sola kumayambiriro kwa 2023 n'kumayerekeza ndi 2022 akanadzitamandira ndi phindu limene gawo lake linabwera ndi kukonzedwa kwa Kapichira. Chachitatu n'choseketsa koma chimachitika: dizilo wogulidwa akhoza kuchepa chifukwa chakuti mwezi umenewo kumafilingi kunalibe mafuta. Buku la mlonda limathandiza pamenepa, chifukwa limaonetsa masiku amene magetsi anathima ndi zimene zinachitika usiku wake.

Mukapeza kuti china chinathandizira, muli ndi njira ziwiri. Sankhani miyezi ina yoyerekeza bwino, kapena nenani chilungamo m'chiganizo chimodzi. Ngati palibe nambala imene yapirira, gwiritsani ntchito chochitika chooneka ndi maso m'malo mwake, monga chakuti jenereta imene inkalira usiku uliwonse tsopano imayatsidwa pakakhala phwando lokha. Kupeka nambala ndiye ayi. Amanijala a maloji amadziwana, amakumana kumisonkhano, ndipo foni imodzi yokha ikhoza kukugwetserani mbiri yonse.

Ndime yoyamba: mmene zinalili

Chiganizo choyamba chiyambe ndi kasitomala. Dzina la kampani yanu lisaonekemo m'ndime yonseyi. Taonani mmene ambiri amayambira:

> Ife ndi kampani yodziwika bwino pa nkhani za magetsi a dzuwa, ndipo takhala tikutumikira makasitomala athu mokhulupirika kwa zaka zambiri.

Palibe chimene manijala wa ku Senga Bay wapeza apa chomukhudza. Tsopano onani iyi:

> Loji ina ya zipinda 14 ku Mangochi inkathira malita pafupifupi 400 a dizilo mu jenereta mwezi uliwonse m'nyengo yotentha.

M'chiganizo chimodzi muli mwini nkhani, kukula kwake, malo ndi nambala yoyambira. Chiganizo chachiwiri chionetse kuwawa kwake mmene manijala ankakumvera. Apa m'pamene yankho la funso lija la usiku limagwira ntchito. Manijala wa ku Mangochi anakuuzani kuti magetsi akathima ankasankha pakati pa zoipa ziwiri: kuyatsa jenereta alendo n'kudandaula phokoso, kapena kuizimitsa alendo n'kugona thukuta lili kamukamu, nsomba zikusungunuka mufiriji. Lembani zimenezo. Mawu ngati "ankakumana ndi mavuto osiyanasiyana" achotseni paliponse pamene mwawapeza, chifukwa sakuonetsa kanthu. Ziganizo ziwiri kapena zitatu zakwana. Musamunyoze kasitomala pofuna kuti inu muoneke mpulumutsi. Iye adzawerenga imeloyi isanapite, ndipo wowerenga winayo ali momwemo mmene munthuyu analili, ndiye mukanyoza mmodzi mwanyoza onse.

Ndime yachiwiri: chimene chinachitika

Iyi ndiyo yaifupi kuposa zonse, ngakhale kuti ndi imene inu mukuidziwa bwino koposa. Mtima udzafuna kutchula mtundu wa mapanelo, kukula kwa inveta, dziko limene mabatire anachokera. Zimenezo ndi za pa kotesheni. Manijala akufuna kudziwa zitatu: munachita chiyani m'mawu oti iye angafotokozere mwini malo, zinatenga nthawi yaitali bwanji, ndipo bizinesi inasokonekera kapena ayi. Fotokozani katundu ndi ntchito imene akugwira: mabatire oyendetsa mafiriji, mafani ndi magetsi a m'zipinda usiku wonse.

Ine ndimakonda kuti m'ndime imeneyi mukhale chinthu chimodzi chimene simunachite. Ku Mangochi munasiya khitchini ndi makina ochapira pa jenereta, chifukwa zinthu zotenthetsa zimadya magetsi ambiri ndipo kuziphatikiza kukanafuna mabatire ochuluka kuposa thumba la lojiyo. Kunena zimenezi kumagwira ntchito ziwiri. Kumafotokoza chifukwa chake dizilo sanafike pa ziro, funso limene wowerenga wochenjera akanafunsa, ndipo kumaonetsa kuti simugulitsa munthu chilichonse chimene mungathe kumugulitsa. Kumayankhanso chikayiko cha mtengo musanatchule mtengo.

Mtengowo muutchule? Pokhapokha ngati ntchito yanu ili ndi mtengo umodzi kwa aliyense. Ya sola imasiyana malo ndi malo, ndiye kuutchula kumangobweretsa kukangana pa nambala imene si ya wowerengayo.

Ndime yachitatu: mmene zilili, ndi pempho limodzi

Yambani ndi nambala yachiwiri, yoyezedwa mofanana ndi yoyamba. Ngati poyamba munati malita pa mwezi, apanso akhale malita pa mwezi. Onjezerani kachiganizo kotseka pakamwa wokayikira, monga kakuti alendo anali ochuluka chimodzimodzi. Kenako ikani mawu a kasitomala, chiganizo chimodzi chokha, chosapukutidwa. "Ntchito yawo ndi yapamwamba ndipo ndikulimbikitsa ena" aliyense amadziwa kuti analembetsedwa. "Jenereta timangoiyatsa kukakhala ukwati" ndi mawu a munthu amene amakhaladi pamalopo. Ngati imelo yanu ikupita m'Chingerezi, monga mmene makalata ambiri a bizinesi kuno amalembedwera, mawu amene kasitomala analankhula m'Chichewa muwamasulire mosakongoletsa, ndipo mumuonetse kuti avomere kuti ndi zimene ananena. Kwa wowerenga amene amamva Chichewa, mukhoza kungowasiya mmene alili.

Chomaliza ndi pempho, ndipo likhale limodzi. Imelo imene ikuti imbani foni, onani tsamba lathu, titsatireni pa Facebook, tumizirankoni anzanu, imasiya munthu osachita chilichonse. Pemphani kanthu kakang'ono koti akhoza kuyankha ndi mawu awiri ali pafoni. Kupempha kuti agule n'kulumpha patali. Kupempha mphindi 30 kuti mudzaone zimene amayendetsa usiku n'kotheka. Tchulani masiku awiri kuti angosankha, chifukwa mawu akuti "mundiuze nthawi imene muli ndi mpata" amamupatsa ntchito yoganiza, ndipo amaiika pambali.

Imelo yonse ikuoneka motere:

> Bambo Uje,
>
> Loji ina ya zipinda 14 ku Mangochi inkathira malita pafupifupi 400 a dizilo mu jenereta mwezi uliwonse kuyambira Okutobala mpaka Disembala. Magetsi akathima usiku, amanijala ankasankha pakati pa ziwiri: kuyatsa jenereta alendo n'kudandaula phokoso, kapena kuizimitsa alendo n'kugona motentha, nsomba zikusungunuka mufiriji.
>
> Mu Julayi tinawaikira mapanelo a sola ndi mabatire oyendetsa mafiriji, mafani ndi magetsi a m'zipinda usiku wonse. Khitchini ndi makina ochapira tinazisiya pa jenereta dala, kuti mabatire asachuluke kuposa thumba lawo. Ntchito inatenga masiku anayi ndipo loji sinatseke.
>
> Miyezi yomweyo itakwananso, anathira malita pafupifupi 110 pa mwezi, alendo ali ochuluka chimodzimodzi. Amanijala akuti, "Usiku jenereta timangoiyatsa kukakhala ukwati." Ngati kwanuko ku Senga Bay jenereta imaliranso usiku, ndingabwere Lachiwiri kapena Lachinayi sabata yamawa kudzaona zimene mumayendetsa magetsi akathima? Ndi mphindi 30 zokha, ndipo simulipira kanthu.
>
> Zikomo,
> dzina lanu, udindo, kampani ndi nambala ya foni

Werengani mofuula. Pamene mwapuma pakati pa chiganizo chifukwa mpweya watha, dulani chiganizocho pawiri. Kenako werengani kangati mwatchula "ife", "tina-" kapena dzina la kampani yanu, muyerekeze ndi kangati mwatchula kasitomala ndi wowerenga. Mu imelo ili pamwambayi inu mwaoneka m'ndime yapakati ndi pa pempho basi. Mukaonekera m'ndime zonse zitatu, ndiye kuti mwalemba za inu nokha.

Pa moni, tchulani munthuyo dzina lake ndi ulemu wake, Bambo kapena Mayi. "Okondedwa makasitomala athu onse" imauza munthu kuti kalatayi si yake. Ngati munakumanapo, kachiganizo kamodzi kokumbutsa kumene munaonana kakhoza kukhala pamwamba pa ndime yoyamba. Kufunsa za kunyumba ndi mvula n'kwabwino pamaso, koma mu imelo kumadya mizere yoyamba imene imaoneka pafoni munthu asanatsegule.

Mutu wa imelo ulembedwe pomaliza

Bokosi la Subject mulidzaze mutamaliza zonse, chifukwa mutu wabwino umatuluka m'nkhani. Mafoni ambiri amaonetsa zilembo 30 mpaka 40 zoyambirira zokha, ndiye chofunika chikhale kumayambiriro. "Dizilo: malita 400 kufika 110 pa mwezi" ukukwana, ndipo manijala wa loji sangaudutse osaima. "Nkhani yosangalatsa ya kasitomala wathu" sukunena kanthu. Zilembo zazikulu zokhazokha, zizindikiro zofuulira zitatu ndi mawu akuti ULERE zimachititsa kuti imelo ioneke ngati ya akathyali, kwa munthu ngakhalenso kwa makina osefa makalata. Musayambe mutu ndi Re: ngati simunalemberanepo. Munthu akatsegula n'kuona kuti mwamupusitsa, nkhani yanu yoona ija saikhulupiriranso.

Kasitomala aone kaye, ndiye mutumize

Tumizani imelo yonse kwa manijala wa ku Mangochi, mutu ndi zonse, ngakhale pa WhatsApp, ndipo mudikire kuti ayankhe molemba kuti walola. Sungani yankho limenelo. Manijala akadzachoka n'kubwera wina, kapena mwini malo akadzafunsa, mudzakhala ndi choonetsa. Nthawi zambiri amakonzanso kanthu kamene inu munakamva molakwika, monga kuti zipinda ndi 14 koma ziwiri ndi za antchito.

Tumizani ngati kalata wamba: zilembo zokha, popanda zithunzi zikuluzikulu, popanda PDF. Munthu amene akuwerenga pafoni ndi bandulo yake sangatsitse fayilo yochokera kwa mlendo, ndipo imelo yodzaza zithunzi ndi mabatani kawirikawiri Gmail amaiponya ku Promotions kumene anthu sapitako. Ngati chithunzi cha ntchitoyo chilipo, chisungeni kuti mudzachitumize munthu akayankha.

Ngati olandira ali 15 kapena 20, tumizani mmodzimmodzi, mukusintha dzina ndi malo m'chiganizo cha pempho. Ndi ntchito ya ola limodzi. Musaike onse pa To kapena Cc, chifukwa aliyense adzaona maadiresi a anzake, ndipo mudzakhala mutagawa zinthu za anthu popanda chilolezo chawo. Bcc imabisa maadiresi, koma simungatchule munthu dzina, ndiye imabwerera ku kalata ya chigulugulu ija. Malawi ali ndi lamulo la 2024 loteteza uthenga wokhudza anthu, limene bungwe la MACRA limayang'anira, ndipo dzina la munthu, nambala yake ya foni ndi adiresi yake ya imelo zili m'gulu limenelo. Amene mukuchita bizinesi ku South Africa, lamulo la POPIA limene linayamba kugwira ntchito mokwanira mu Julayi 2021 limaletsa kutumiza malonda pa imelo kwa munthu amene si kasitomala wanu ngati sanavomere, ndipo limakulolani kumupempha chilolezocho kamodzi kokha. Kulikonse kumene muli, lemberani anthu amene munapeza maadiresi awo mwachilungamo, ndipo wina akati musamulemberenso, mufufuteni tsiku lomwelo.

Musanatumize kwa aliyense, dzitumizireni nokha n'kutsegula pafoni. Onani pamene mutu wadukira, onani mizere imene ikuoneka pansi pa mutuwo, ndipo onani ngati ndime iliyonse ikukwana pa sikirini popanda kutsitsa. Ndime imene pakompyuta ili mizere itatu, pafoni imakhala isanu ndi itatu.

Kudziwa ngati yagwira

Werengani mayankho. Mapulogalamu otumizira maimelo amaonetsa anthu angati atsegula, koma nambala imeneyo njosadalirika. Kuyambira 2021, pulogalamu ya Mail ya pa mafoni a Apple imatha kutsitsa zithunzi za mu imelo yokha munthu asanaione, ndiye imelo imaoneka ngati yatsegulidwa pamene sinawerengedwe.

Mayankho ndi amene amaonetsa pamene pakudwala. Akakhala chete onse, yambani mwaona ngati imelo sikugwera ku Spam, potumiza kwa mnzanu amene simunalemberanepo naye. Ngati ikufika bwino, kayikirani mutu kapena kusankha kwanu kwa olandira. Akayankha kuti "ife ndi aang'ono, sitingakwanitse," ndiye kuti mboni yanu ndi yaikulu kuposa iwo, bwererani mukasankhe kasitomala wina. Akafunsa kuti "kodi ndi zoona zimenezi?" ndiye kuti nambala yawafika koma ndime yachiwiri sinafotokoze mokwanira mmene zinathekera. Pamenepa n'pothandiza ngati munapempheratu manijala wa ku Mangochi kuti wokayikira mmodzi kapena awiri akhoza kumuimbira. Akafunsa mtengo nthawi yomweyo, imelo yagwira ntchito yake, ndipo yankho lanu ndi ulendo wa mphindi 30 uja.

Amene sanayankhe muwakumbutse kamodzi patapita masiku asanu kapena sabata, pogwiritsa ntchito Reply pa imelo yomwe ija kuti nkhani ikhale pansi pake. Ziganizo ziwiri zakwana, ndipo chimodzi chikhale ndi kanthu katsopano kamene munasiya poyamba, monga kakuti kuyambira Julayi lojiyo sinatayenso nsomba, ngati manijala anatsimikiza zimenezo. Akapanda kuyankhanso, asiyeni mpaka mutapeza nkhani ina yowayenera.

Nkhaniyo nayo imakalamba. Pakatha chaka muimbireninso manijala wa ku Mangochi mufunse ngati malita akadali 110. Mabatire amafooka, loji imawonjezera zipinda, wina amalumikiza ketulo pa waya wa mafani. Ngati nambala yasintha, sinthani imelo musanaitumizenso, ndipo mupemphenso chilolezo pa nambala yatsopanoyo.